Akadula msonkho pamalipiro anu, satifiketi ibwere

Muno mu Lusaka tili ndi chizolowezi chopempha zinthu zathu zomwe ngati tikupempha chifundo. Chimodzi mwa zinthu zimenezo ndi satifiketi ya msonkho umene kasitomala amadula asanakulipire. Ine ndikuona kuti kapepala aka sikayenera kupemphedwa mogwada. Amene wadula ndalama yako ali ndi udindo wokuonetsa kumene waipititsa, ndipo iwe amene wadulidwa uyenera kufunsa msanga, pokhapokha ngati ndalama siikukupweteka.

Lamulo la msonkho wa zopeza, Chaputala 323 cha malamulo a Zambia, limalamula kampani kapena bungwe lililonse lolipira ntchito ya ukatswiri ndi upangiri kuti lidule 15 peresenti ngati wolipidwayo amakhala m'dziko muno. Ndalamayo siikhala ya kampani ngakhale pang'ono. Iyenera kufika ku ZRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, pamodzi ndi ritani yosonyeza dzina la wodulidwa, TPIN yake, ndalama yonse ya pa invoisi ndi imene yadulidwa. Zonsezi zimachitikira pa TaxOnline, pansi pa mutu wa Withholding Tax, ndipo satifiketi imachokera m'menemo.

Anthu ambiri amaganiza kuti 15 peresenti ija ikapita, yapita. Ayi. Kwa munthu wa kuno wogwira ntchito ya upangiri, umenewu si msonkho womaliza. Ndi chikole chabe, chimene chimachotsedwa pa msonkho wako wa chaka chonse.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Kabwata amene amathandiza mabungwe kukonza mabuku a ndalama. M'chaka cha 2024 anagwira ntchito zisanu ku bungwe lina la ku Kabulonga, iliyonse ya K20,000. Ulendo uliwonse mu akaunti yake munkalowa K17,000, K3,000 n'kutsala. Pakutha pa chaka invoisi zake zinakwana K100,000, ndipo zodulidwa zinali K15,000. Tinene kuti zimene anaononga pa ntchitoyo, monga mayendedwe, mabando a intaneti ndi kusindikiza mapepala, zinali K20,000. Ndiye kuti phindu lake ndi K80,000. M'chaka chimenecho K61,200 yoyamba inalibe msonkho, ndipo yopitirira apo mpaka K85,200 inkadulidwa 20 peresenti. Msonkho wake weniweni ndi 20 peresenti ya K18,800, imene ndi K3,760.

Manje onani. Mayiyu analipira kale K15,000 pomwe ngongole yake ndi K3,760. Akapereka ritani yake ya pachaka, imene tsiku lake lomaliza ndi 21 Juni, boma ndilo likhala ndi ngongole kwa iye ya K11,240, imene angapemphe kuti ibwezedwe kapena iphimbe msonkho wina. Koma ngati bungwe lija silinapereke ndalamazo m'dzina lake, m'mabuku a ZRA mayiyu sanalipirepo ngakhale ngwee imodzi. Adzauzidwa kuti alipire K3,760 kuchokera m'thumba, K15,000 ija ili kwina kumene iye sakudziwa. Imeneyo ndi lendi ya miyezi ingapo.

N'chifukwa chake ndimadabwa ndikamva munthu akunena kuti, "Ah, nizafunsa chabe chaka chikasila." Chaka chikatha, akauntanti amene anakulipira mwina wachoka ntchito, pulojekiti yatsekedwa, ofesi ya ku Woodlands yasanduka saluni. Nthawi yabwino yofunsa ndi sabata yotsatira tsiku la 14 lija. Ngati unalipidwa mu Malichi, pofika pa 20 Epulo wokulipira alibe chifukwa chonenera kuti nthawi siinakwane.

Kafunsidwe kake nakonso n'kofunika. Foni siisiya umboni, ndipo "tizakutumilani" wa pafoni amauluka ndi mphepo. Lembani imelo kwa a zachuma, ndipo amene anakupatsani ntchito aionenso. Siifunika kutalika: "Ba akauntanti, pa invoisi nambala 14 ya K20,000 imene munalipira pa 18 Malichi munadula K3,000 ya msonkho. Chonde nditumizireni satifiketi ya ZRA ya ndalama imeneyi. TPIN yanga ndi iyi." Nambala ya invoisi, tsiku, ndalama zonse ziwiri ndi TPIN zikakhalamo, munthu sakhala ndi pothawira ponena kuti akufufuza kaye mafailo.

Chimene chingabwere poyankha muchiyang'ane bwino. Ena amatumiza vocha ya malipiro, ena kalata yokongola ya chidindo cha kampani yonena kuti msonkho unadulidwa. Zimenezo zimangotsimikiza chimene mukuchidziwa kale, chakuti ndalama yanu inachepa. Sizisonyeza kuti inafika ku ZRA. Satifiketi yeniyeni ikhale ndi dzina lanu monga lilili pa TPIN, manambala khumi a TPIN osaphonya ngakhale imodzi, mwezi woyenera, ndi ndalama zogwirizana ndi invoisi. Mukatero lowani pa TaxOnline yanu muone ngati ndalamayo ikuonekera kumbali yanu.

Satifiketi ikamachedwa, si nthawi zonse pamene pali kuba. Nthawi zina kampani inalipiradi koma kalaliki anaphonya nambala imodzi ya TPIN, ndalama n'kukakhala pa dzina lina. Zikatero ndi kampaniyo imene iyenera kukonza ritani yake, inu simungaikonzere. Koma pali ena amene amadula msonkho n'kuugwiritsa ntchito kulipira malipiro a antchito kapena kugula mafuta a jenereta, akuganiza kuti adzabweza zinthu zikayenda. Awa mudzawadziwa ndi mayankho awo: lero netiweki, mawa bwana ali ku Livingstone, mkuja sisitemu. Mukawapempha risiti ya malipiro a mwezi umenewo, nkhani imatha mwadzidzidzi.

Ndikudziwa chimene ambiri anganene, ndipo sindikuchipeputsa. Mnyamata wa ku Chelstone amene ali ndi makasitomala awiri okha amaopa kuti akalimbikira adzatchedwa wovuta, ntchito yotsatira n'kupita kwa wina. Mantha amenewa ndi enieni m'tauni imene ntchito zimayenda ndi kudziwana. Koma mankhwala ake ndi kuyamba nkhaniyi ubale usanaipe. Polemba kontrakiti, ikanimo mzere wonena kuti satifiketi idzaperekedwa pa malipiro alionse odulidwa msonkho. Pa invoisi lembani TPIN yanu poonekera, ndi 15 peresenti yowerengedwa kale. Mukadzafunsa, mudzakhala mukungokumbutsa zimene munagwirizana. Ndipo kampani yochita zinthu molongosoka siikwiya ndi pempho lotere, chifukwa kwa iyo ndi ntchito ya mphindi zochepa pa kompyuta.

Kwa a makampani, mawu anga ndi ochepa. Lamulo limaika udindo wa msonkhowu pa inu odula, ndipo mukachedwa kuupereka chilango ndi chiwongoladzanja zimagwera inu. Tumizani satifiketi musanapemphedwe, monga momwe mumatumizira umboni wa malipiro.

Maimelo awiri kapena atatu akapita popanda yankho, nyamulani invoisi, sitetimenti ya ku banki yosonyeza K17,000 ija, kontrakiti ndi maimelo anuwo, mupite nazo ku Revenue House m'tauni kapena ku ofesi ina ya ZRA imene ili pafupi nanu. Kumeneko angathe kuona ngati kampaniyo inapereka ritani ya mwezi umenewo ndi ngati dzina lanu lilimo. Mapepala amenewa musawataye nkhani ikatha, chifukwa lamulo limafuna kuti zolemba za msonkho zisungidwe zaka 6.