Alamu yalira mawa lake

Sabata yatha ndinali kwa mlongo wanga ku Santhe. Cha m'ma 10 m'mawa tili m'chigafa kusoka fodya, kafoni kake ka mabatani kanayamba kulira m'thumba la chitenje. "Achimwene, yakwana nthawi ya mankhwala a mwana," anatero akuthamangira kunyumba. Nditamufunsa bwino, mtima unandiwawa. Alamuyo imayenera kulira dzulo lake 10 koloko usiku.

Mwanayo, wa makilogalamu 17, anamupeza ndi malungo, ndipo anamwa mapiritsi awiri oyamba a LA nthawi ya 2 koloko masana. LA, amene takhala tikumwa m'Malawi muno kuyambira 2007, amamwedwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu. Kachiwiri kamabwera pakadutsa maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatira. Mnyamata wotchaja mafoni pamsika, amene anatchera alamuyo, anawerenga bwinobwino kuti 2 kuphatikiza 8 ndi 10, koma anasiya AM pamene pamafunika PM. Mwana anadikira maola 20 m'malo mwa 8.

Ine ndi tizilembo tiwiriti tinadana kalekale. Ife Achewa timanena kuti m'mawa, masana, madzulo, usiku, ndipo palibe amasokonezeka. Nanga AM ndi PM, zosiyana chilembo chimodzi chokha pa kagalasi kong'aluka, agogo aziona bwanji? Foni iliyonse yondifika m'manja ndimaisintha kuti iziwerenga maola 24. Mukatero 10 ya usiku imalembedwa 22:00, ndipo singafanane ndi ya m'mawa ngakhale muli ndi tulo m'maso.

Tinakhala pamkeka n'kukonza. Ndinamuonetsa kuti pa maola 8 aja sipafunika n'komwe masamu ngati foni ili ndi Timer. Mwana akangomeza, mulemba 08:00:00 n'kuyambitsa, ndipo imawerenga yokha chobwerera mpaka kulira. Koma imalira kamodzi basi, n'chifukwa chake za m'mawa ndi madzulo zimafuna Alarm. Tinatchera ziwiri, 06:00 ndi 18:00. Apa pali msampha wina: mafoni ambiri amaika Once pokhapokha mutalowa pa Repeat n'kusankha masiku. Mukaiwala, ilira lero, mawa zii, inu muli kumunda mukudikira. Poti ndondomeko inali itasokonekera kale, tinapita kukafunsa kuchipatala m'mene amalizire mapiritsi otsalawo.

Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kuno kwathu mwambiwu sufuna womasulira. Mankhwala a mwana ndi amene ameza, osati amene ali pansi pa pilo. Mwana akayamba kusewera tsiku lachiwiri, makolo ambiri timazimitsa alamu n'kusunga mapiritsi otsala kuti adzathandize tsiku lina, chonsecho tizirombo tisanathe m'magazi. Zimenezi zimandipsetsa mtima kuposa za AM zija, chifukwa apa foni yagwira ntchito yake.

Alamu yodzutsa ana a sukulu njosavuta. Musankhe Lolemba mpaka Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu ana agone.

Za ngongole ndiye Alarm singazithe, chifukwa imadziwa masiku a sabata okha, osati madeti. Mlongo wangayu amabweza ndalama ku banki m'khonde mwezi ndi mwezi, ndiye tinalowa pa Calendar. Foni ikakhala ndi Monthly mumasankha imeneyo. Yake inalibe, choncho tinalemba miyezi itatu umodziumodzi. Sitinaike tsiku lobweza lenilenilo. Tinabwerera m'mbuyo masiku atatu, poti kukumbutsidwa m'mawa wa tsikulo m'thumba mulibe kanthu sikuthandiza, makamaka miyezi ino fodya asanapite ku Chinkhoma. Mupewenso pa 31. Mafoni ena amalumpha miyezi ya masiku 30 ndi February yemwe, osakuuzani.

Chimene chinandidetsa nkhawa pochoka ndi batire. Foni ya mlongo wanga imagona kotchajitsa kawiri pa sabata, ndipo alamu ya 18:00 ikalira kumeneko imalirira mnyamata uja. Komanso mafoni ena a mabatani mukachotsa batire wotchi imabwerera pa 00:00 ndi deti lakalekale, alamu zonse n'kusokonekera. Ndinamuuza kuti azitchajitsa pakati pa 7 m'mawa ndi 5 madzulo, ndipo akailandira aziyamba wayang'ana ngati nthawi ikugwirizana ndi ya pa wailesi. Tinatcheranso alamu zomwezo pa foni ya alamu anga, bambo a mwanayo, imene batire yake imakhalitsa.

Madzulo ake ndili pa depoti kudikira galimoto ya ku Kasungu, mlongo wanga anandiimbira. Mafoni onse awiri analira 18:00, ndipo mwana anali atamwa ndi phala la nsinjiro.