MFUWU WOITANIRA OPHUNZIRA KUPEREKA MAGAZI

Mayi akataya magazi ambiri pobereka, kapena mwana akatheredwa magazi ndi malungo, achipatala kawirikawiri amauza abale kuti apeze munthu wopereka magazi. Kuno ku Milange ambiri anaionapo nkhawa imeneyi: abale ali kutali kumudzi, kunja kwada, wodwala akufooka.

Nchifukwa chake osunga magazi amapita kumasukulu kukatolera magaziwo ngozi isanagwe. Kutsidya ku Malawi, bungwe la MBTS limadalira kwambiri ophunzira, moti sukulu zikatsekera magazi amachepa m'zipatala. Magazi sakhalitsa ngati chimanga m'nkhokwe. M'firiji amangokhala masabata asanu kapena asanu ndi limodzi.

Tsono tiyerekeze kuti ana athu a ku yunivesite ya Licungo ku Quelimane, kapena ya Zambeze ku Mocuba, akukonza tsiku lopereka magazi. Alembe mfuwu wotani pansalu kuti anzawo abwere?

Wina angalembe kuti, "Perekani magazi, pulumutsani moyo." Mawuwo ndi oona, koma satchula kuti moyowo ndi wa yani. Wophunzira amawerenga, n'kudutsa. Mu 2018, mfuwu wa tsiku lokumbukira opereka magazi padziko lonse, lomwe limakhala pa 14 Juni, unapempha munthu aliyense kukhala wothandiza mnzake. Ophunzira angaufikitse pafupi ganizo limeneli polemba kuti: "Lero mayi wa mnzako, mawa mayi wako."

Mfuwu wotere umaika nkhope pathumba la magazi. Umakumbutsa mnyamata za mnzake amene amagona naye chipinda chimodzi ndi kudya naye m'mbale imodzi. Ndi nzeru yomwe ija ya makolo yakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ukhozanso kulembedwa m'Chipwitikizi ndi m'Chilomwe osataya tanthauzo.

Koma pali mawu oyenera kupewa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, ndipo zinamvekanso kuno ku Zambezia. Mfuwu wakuti "Tikufuna magazi anu," kapena wokhala ndi liwu loti "kupopa," ukafika kumudzi udzachititsa makolo kuletsa ana awo. Liwu labwino ndi "kupereka," chifukwa mwini magazi ndiye amasankha. Mfuwu usalonjezenso ndalama kapena mphatso, pakuti wotsata mphatso akhoza kubisa matenda ake.

Pansi pa mfuwuwo palembedwe zimene wamantha amafuna kudziwa: amatenga mamililita 450 okha mwa malita pafupifupi asanu a m'thupi, singano ndi yatsopano, ndipo wopereka ayenera kulemera makilogalamu 50 kapena kuposa.

Nsalu isanapachikidwe, mfuwuwo ukawerengedwe kaye kwa agogo kumudzi. Akafunsa kuti, "Magaziwo akupita nawo kuti?" ndiye kuti sunapse. Akati, "Pita mwanawe, ukathandize," upachikidwe.