Tsitsi Lalitali Koma Lopyapyala: Zoyenera Kufunsa ku Saluni

Mwezi uno tikambirane za dandaulo la atsikana ambiri a ku Mpingwe ndi madera ena a Limbe. Iwo amati tsitsi lawo ndi lalitali ndithu, koma ndi lopyapyala ndipo limangogona pamutu ngati udzu wovumbwa ndi mvula. Anzawo amaŵauza kuti akadulitse masitepe, amene a ku saluni amati maleya. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, choncho tiyeni tidziŵe zoyenera kufunsa sizasi isanayambe ntchito.

Kudula masitepe ndi kufupikitsa tsitsi la pamwamba pa mutu, la pansi nkulisiya lalitali. Tsitsi lalitali limalemera ndipo limadzikokera pansi, koma likafupikitsidwa limapepuka ndi kudzuka. Vuto lake nlakuti tsitsi lililonse lofupikitsidwa silifikanso kunsonga. Wa tsitsi lochuluka sadandaula nazo, koma wa tsitsi lochepa akadulitsa masitepe ambiri, kunsonga kumatsala ngati mchira wa khoswe.

Nchifukwa chake funso loyamba likhale ili: "Amayi, kodi tsitsi langali nlochepa pamutu, kapena nlochuluka koma lopyapyala chabe?" Inunso mungathe kudziyesa muli kwanu. Sonkhanitsani tsitsi lonse kumbuyo, zungulizani ulusi pamene mwagwirapo, ndipo muyese ulusiwo pa rula. Ukapereŵera masentimita 5, ndiponso ngati khungu limaonekera kwambiri mukapatula tsitsi ndi chipeso, dziŵani kuti tsitsi lanu nlochepa.

Tiyerekeze mtsikana amene amawongola tsitsi ndi mankhwala. Tsitsi lake lapitirira m'mapewa, ulusi wamuonetsa masentimita 4, ndipo akakoleka nsalu yoyera pamsana, nsaluyo ikuonekera kupyola masentimita 5 a kunsonga. Mtsikana wotere ayambe wapempha kuti masentimita 5 amenewo adulidwe molingana, chifukwa nsonga zolingana zimaonetsa tsitsi ngati lochuluka. Atadziyang'ana pa kalilole, ngati pamwamba pakali pogona, apemphe sitepe imodzi yokha, yofupikirapo ndi masentimita 2 kapena 3, yosakwera kupitirira chibwano. Aonetse malirewo ndi zala, pakuti mawu akuti "pang'ono" aliyense amaŵamva mwa iye yekha.

Apemphenso zinthu ziŵiri. Choyamba, tsitsi lidulidwe litauma ndi kupesedwa bwino, popeza tsitsi lathu limasintha utali likanyowa ndi kuumanso, makamaka losawongola. Chachiŵiri, wokonza tsitsiyo asagwiritse ntchito lezala kapena sizasi ya mano ngati chipeso. Zida zimenezi nzopungulira tsitsi lochuluka, ndipo pa tsitsi lochepa zimangochotsa ndi lochepa lomwelo. Kulankhula izi mwaulemu si chipongwe ai, ndipo mmisiri weniweni amakondwera ndi munthu wodziŵa chimene akufuna.

Kumbukirani kuti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi. Masentimita 5 adzabwerera patatha miyezi ngati 5, koma masitepe ozama kwambiri angatenge chaka kapena kupitirira kuti alingane. Ngati zalakwika kale, palibe mafuta amene angafulumizitse tsitsi. Chofunika nkudekha ndi kumadula nsonga pang'ono pa miyezi iŵiri kapena itatu iliyonse, kufikira la pamwamba litapeza la pansi.

Komabe si tsitsi lonse logona limene lifuna sizasi. Mafuta olemera opakidwa kutsinde amamata tsitsi kumutu, ndipo kusambitsa bwino ndi kupaka pang'ono kunsonga kokha kumalidzutsa. Mankhwala owongolera nawonso ayenera kupakidwa pa tsitsi lomera kumene lokha, patapita masabata osachepera 8. Akabwerezedwa pa tsitsi lowongoka kale, tsitsilo limafooka nkumathothoka, ndipo mudzaona tizidutswa tatifupi pa chipeso ndi pamapewa. Apa funsani za kupumitsa mankhwala, osati za masitepe.

Pomaliza, makolo tikhale tcheru. Nchachibadwa kuti tsitsi 50 kufikira 100 ligwe pa tsiku, ndiponso mayi amataya lochulukirapo patapita miyezi ngati itatu atabereka, kenaka limameranso. Koma tsitsi likamatha m'mbali mwa chipumi, kaŵirikaŵiri chimachititsa ndi kuluka mokoka kapena meshi wolemera, ndipo zikapitirira zaka silimeranso. Likamatha mutu wonse mwana nkumatopa msanga, mwina ndi kuchepa kwa magazi kapena vuto la chithokomiro. Zimenezi saluni singazithe. Pitani naye ku chipatala chaching'ono cha kwanuko, ndipo ngati nkofunika adzakutumizani kwa madokotala a khungu ku Gulupu. Mukatsimikiza kuti thupi lili bwino, pamenepo mungathe kukakambirana ndi wokonza tsitsi za utali woti adule.