Mpope uliwonse ukhale ndi valavu yakeyake

Mwezi watha thanki ya chimbudzi kwathu inayamba kudontha. Chinatha ndi kalabala kakang'ono basi, koma kuti pulamba akasinthe tinatseka madzi pamita. Kalabala kamene anabweretsa sikanakwane, ndiye anapita kutauni kukasaka kena. Tsiku lonse kunalibe madzi ophikira kapena osamba, kaamba ka chimbudzi chimodzi!

Kumbukirani phunziro la magetsi. Mababu a m'nyumba amalumikizidwa paralelo, lililonse ndi swichi yake, n'chifukwa chake mukazimitsa kuchipinda, pabalaza pamawalabe. Mapaipi nawonso amagawikana chimodzimodzi. Ndiye bwanji timadalira valavu imodzi yokha? Ine ndikuti sinki, shawa, chimbudzi ndi giza, chilichonse chikhale ndi yake.

Imene ndimaikonda ili ndi kampira kobowola pakati. Chogwirira chikaloza kumene paipi ikupita, bowo lalunjika ndipo madzi akudutsa. Mukachipotoza madigiri 90 n'kupingasa paipi, madzi aima. Mumangoona ndi maso.

Ena amati n'kuwononga ndalama. Pomanga nyumba mtengo wake ndi wochepa; zimawawa mukamadula mapaipi pambuyo pake.

Koma samalani posankha. Ngati madzi amachokera m'thanki yomwe ili mamita 3 pamwamba pa shawa, P = ρgh imatipatsa 1000 × 10 × 3 = 30,000 Pa. Puresha imeneyi ndi yochepa, ndipo valavu ya bowo laling'ono ipangitsa shawa kumangodontheza. Gulani ya bowo lofanana ndi paipiyo. Muziitsekanso n'kuitsegula kawiri pachaka, apo ayi imalimba, tsiku la vuto n'kukana kupotoka.