Dzina la pa imelo si umboni: onani adiresi musanatumize ndalama

Nyengo ya mvula ikamayandikira, magulu a alimi a ku Chifunde, kuyambira ku Mualadzi mpaka kumalire a Cassacatiza, amadikira nkhani za mbewu ndi feteleza. Zina mwa nkhanizi masiku ano zimafika pa imelo ya mlembi wa gulu, ndipo akuba nawonso amadziwa zimenezi.

Tiyerekeze kuti mlembi walandira uthenga wooneka ngati wochokera kuboma, wouza gulu kuti litumize mametikali 5,000 pa M-Pesa kuti lilembetsedwe. Pa foni pakuoneka dzina lokha. Dzinalo amalemba yekha wotumiza, monga mmene aliyense angalembere dzina lililonse kumbuyo kwa envulopu. Mlembi akatsegula tsatanetsatane wa wotumiza m'munsi mwa dzinalo, akupeza izi:

```
From: Governo de Chifunde <apoio@gov.mz.example.com>
Reply-To: apoio.exemplo@gmail.com
```

Adiresi imawerengedwa kuchokera kumapeto. Maadiresi a boma la Mozambiki amathera pa gov.mz. Iyi yathera pa example.com, kutanthauza kuti mwini wake ndi wina, ndipo gov.mz yaikidwa pakati pongofuna kupusitsa maso. Mzere wachiwiri ukusonyeza kumene yankho lanu lidzapite, komwe ndi kwina kosiyana ndi kumene uthengawo ukunena kuti wachokera.

Wakuba wochenjera amatha kulemba ngakhale adiresi yeniyeni ya ofesi. Apa mpofunika kutsegula Gmail pa kompyuta, kudina timadontho titatu pambali pa uthengawo, n'kusankha Mostrar original, kapena Show original m'Chingerezi. Pamwamba pamaoneka zotsatira za mayeso otchedwa SPF, DKIM ndi DMARC. Oyambawo amafunsa ngati makina amene atumiza uthengawo ndi ololedwa ndi mwini adiresi. Achiwiri amaona ngati siginecha ya makina otumizawo ili yoona. Achitatu amaona ngati zimenezi zikugwirizana ndi adiresi imene mukuiona pa From. Pa DMARC pakalembedwa FAIL, musaukhulupirire uthengawo.

Komabe PASS sikutanthauza kuti wotumizayo ndi wachilungamo. Uthenga wa m'chitsanzo chathu ukhoza kupambana mayeso onse atatu, chifukwa wachokeradi kumene adiresi yake ikunena. Mayesowa amatsimikiza adiresi, osati munthu. Ndipo wakuba akalowa mu imelo yeniyeni ya wogwira ntchito, zonse zimaoneka bwinobwino.

Vuto lina kuno kwathu nlakuti alangizi ndi ogula mbewu ambiri amagwiritsa ntchito Gmail wamba. Adiresi yotere si chizindikiro cha kuba, koma aliyense akhoza kuitsegula kwaulere m'dzina lililonse.

Choncho adiresi imathandiza kwambiri kugwira bodza kusiyana ndi kutsimikiza choonadi. Uthenga ukamapempha ndalama, kapena ukasintha nambala yolipirira, mlembi aimbe foni pa nambala imene gulu linali nayo kale, osati yolembedwa mu uthengawo. Ngati foni sikugwira, ndalama za gulu zidikire mpaka wina akafunse kuofesi ya zaulimi ya m'boma, SDAE.