Phunziro la mvula lituluke m'tchati, lilowe m'beseni

Chaka chilichonse ana a ku pulayimale amajambula m'makope chithunzi chimodzimodzi: nyanja, dzuwa, mtambo, phiri ndi mivi yozungulira. Pansi pake amalemba mawu atatu kapena anayi a Chingerezi, n'kuwaloweza. Afunseni komwe apita madzi a malaya amene mayi ayanika m'mawa, ambiri angoti "auma basi". Ine ndikuti kuwononga ndalama za sukulu pogula tchati cha kuzungulira kwa madzi ndi kulakwa, makamaka kudera ngati Utale, m'boma la Balaka, komwe chipangizo chachikulu cha phunziroli, chomwe ndi dzuwa, chimapezeka chaulere mpaka kutopetsa.

Mwana wa ku Utale amawadziwa madzi kuposa wojambula tchaticho. Amaona mtsinje wa Rivirivi utadzaza, madzi ali psuu ndi dothi, akuthamangira ku Shire. Pofika Okutobala amaona mchenga, anthu akufukula kuti apeze madzi. Chimene akusowa ndi kugwirizanitsa zimene amaonazo, ndipo zimenezi pepala la pakhoma silingachite chifukwa pa pepala palibe chimayenda. Njira ya TALULAR, yophunzitsa ndi zinthu zopezeka komwe tili, aphunzitsi anaimva kale ku koleji ndipo bungwe la MIE ku Domasi lakhala likuilimbikitsa. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'sukulu zambiri yasanduka kujambula tchati chomwecho pa katoni n'kuchipachika kuti alangizi akabwera achione. Kumeneko si kusintha kaphunzitsidwe ayi.

Tengani beseni yakuda yochapira. Thiranimo madzi okwana lita imodzi, musungunulemo masupuni atatu a mchere, ndipo ana awiri alawe kuti kalasi yonse ivomereze kuti ndi amchere. Pakati pa beseni ikani kapu youma, yaifupi kuposa milomo ya beseniyo, muikemo mwala wotsuka bwino kuti isayandame. Phimbani pamwamba ndi pepala lapulasitiki loonekera mkati, mumange ndi legeni kuzungulira mpaka pasakhale potulukira mpweya. Pomaliza ikani kamwala pamwamba pa pepalalo, molunjika kapu, kuti pepala lilendewere pakati. Ikani beseniyo padzuwa ana akangochoka pa asembule.

Pasanathe ola limodzi pepala lichita chifunga kunsi kwake. Timadontho tiyamba kukumana, kukula, kutsetsereka kulowera pa kamwala paja n'kugwera m'kapu. Pofika masana mupeza masupuni angapo chabe, osati kapu yodzaza, ndipo mphunzitsi asalonjeze zambiri. Koma mwana akalawa madzi a m'kapuwo apeza alibe mchere. Funso limabwera lokha: mchere watsala kuti, nanga madzi adutsa pati popeza palibe wawathira? Mwana amene walimbana ndi funso limeneli wamvetsa chifukwa chake mvula ya namondwe Freddy, yomwe mu Malichi 2023 inachokera ku nyanja ya mchere ya India, inagwa kuno yopanda mchere.

Zimalephereka, inde, ndipo kulepherako kuli ndi zizindikiro zake. Pepala likakhala louma, ndiye kuti legeni sinagwire ndipo nthunzi ikuthawa, kapena beseni yagwera mumthunzi dzuwa litasuntha. Madontho akachuluka koma kapu ili youma, kamwala kapepuka kapena sikali pakati, choncho madzi akutsikira m'mbali. Madzi a m'kapu akamveka mchere, wina wanyamula beseni n'kuikhutchumula, kapena madzi amchere atalukiramo poika kapuyo. Madzi akachuluka kwambiri amachedwa kutentha, n'chifukwa chake kuya kwa zala ziwiri n'kokwanira. Ndipo ntchitoyi ndi ya teremu yoyamba, mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala. Woiyesa mu Febuluwale kunja kuli mitambo adzanena kuti njirayi n'njabodza pamene wangophonya nyengo.

Beseni ili ndi bodza lakenso, ndipo mphunzitsi wabwino amaliulula. Ana ena amachoka akuganiza kuti kumwamba kuli chivindikiro chomwe nthunzi imagunda. Kulibe. Pepala lija limasandutsa nthunzi madontho chifukwa ndi lozizira kuposa mpweya wotentha wa m'beseni. Kumwamba mpweya wonyowa ukamakwera umazizira wokha, n'kupanga timadontho pa tifumbi touluka, ndiwo mtambo. Afunseni za mame a m'mawa pa udzu: palibe chivindikiro, pali kuzizira kokha. Pa chifukwa chomwechi sindikonda kuyamba ndi poto wowira pamoto. Amasiya ana akuyesa kuti madzi amakwera pokhapokha atawira, chonsecho nyanja ya Malawi siwira koma madzi amene imataya pouma ndi dzuwa ndi ochuluka kuposa amene amatuluka kudzera mu Shire.

Pali mbali ina imene matchati amaidutsa mothamanga koma ku Balaka ndiyo yofunika: mvula ikagwa imapita kuti? Dulani mabotolo awiri aakulu m'litali kuti akhale ngati timabwato. M'limodzi ikani dothi lopanda kanthu, m'linalo dothi lomwelo lokumbidwa ndi udzu wake. Apendekeni mofanana pa njerwa, muthire madzi ofanana kudzera m'chitini chobowola ndi msomali, ndipo kukamwa kwa botolo lililonse kukhale kapu. Dothi lopanda udzu litulutsa madzi ambiri, msanga, amatope. Linalo lichedwa ndipo madzi ake akhala oyererapo, chifukwa ambiri alowa pansi. Madzi olowa pansiwo ndi amene mjigo umakoka m'chilimwe. Mwana woona zimenezi safunikanso kulalikiridwa za kudula mitengo ndi kuotcha makala m'mbali mwa mitsinje.

Ndikudziwa chimene aphunzitsi ayankhe. Ati nkhani ya zipangizo za pamudzi ndi njira ya boma yothawira udindo, kuti kuyambira 1994 pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere makalasi adzaza mosaneneka, ndipo munthu mmodzi sangaonetse beseni imodzi kwa khamu lotero. Dandaulo la kuchuluka kwa ana n'loona ndipo boma lisabisale kuseri kwa beseni. Mabuku, choko, madesiki ndi aphunzitsi okwanira sizitoledwa kudzala. Koma ndiye chifukwa chake kandalama kochepa kamene sukulu imalandira kapite ku zinthu zomwe sitingapange tokha. Za khamulo, mabeseni asanu obwereka kwa makolo kwa tsiku limodzi amagawa kalasi m'magulu, ndipo gulu limene beseni yake yalephera limaphunzira zambiri poyerekeza ndi ya anzawo. Ena ati mayeso a MANEB a Sitandade 8 amafuna mawu a Chingerezi. Aperekeni mawuwo, koma pambuyo, mwana ataona kale chinthu chimene mawuwo akutchula. Ndipo chithunzi cha mivi chija achijambule yekha kuchokera pa beseni, aikemo Shire ndi mjigo wa kwawo.

Inu alangizi a sukulu a m'zoni, mukapita kukayendera kalasi lekani kuwerenga zopachika pakhoma. Itanani mwana mmodzi wa kumbuyo, mumufunse chifukwa chake madzi a m'kapu analibe mchere. Inunso a komiti ya sukulu, wina akabweretsa pempho logula tchati cha mvula, likaneni, ndalamayo mugulire choko ndi makope.