Osamutsilizila munthu mau yamene sanatsilize

Tili na mkwiyo na bantu bamene balemba chidule cha miting'i monga ni maprofeti. Munthu anakamba hafu, anzake anamudula pakamwa, koma pa pepala mupeza mau yake yatsilizika bwino, na fulusitopu pamapeto. Anamutsilizila ndani?

Tengani ya ife, pa fakitale ina ku Heavy Industrial Area, kufupi na Mungwi Road. Bambili timayenda na mendo kuchoka ku George na ku Matero, ndiye ndalama ya ovataimu si nkhani yosekela. Lamulo la nchito la 2019 likamba kuti ukapitilila maola 48 pa wiki, ola iliyonse yapamwamba ilipilidwa kamodzi na hafu, ndipo pa holide kapena pa tsiku lako lopuma ilipilidwa kawili. Ngati ola yako ni K15, maola 8 pa Sondo ni K240, osati K120.

Tinaitana miting'i na bamanija, mnzathu anaika foni pa tebulo. Madzulo chidule chinafika pa WhatsApp: "Bamanija bavomela kulipila Sondo kawili." Bantu banagwila Masondo yatatu. Peyisilipi itabwela, palibe. Tinabwelela ku rekodi. Pa 23:10 bamanija bakamba ati, "Ya Sondo tizalipila kawili ngati..." Pamenepo bantu batatu banayamba kukuwa, fokolifiti inapita panja, ndipo nkhani inalumphila ku magumbutsu. "Ngati" chani? Ngati oda ni yaikulu? Ngati bakulu bavomela? Wolemba anataya "ngati", anaika fulusitopu, ndipo mau yodulika yanasanduka lonjezo.

Foni ili pa tebulo siimvela monga khutu. Ukakhala mu chipinda uona pakamwa pa munthu, usankha womvela. Foni isakaniza mau yonse pamodzi, ndipo wamene ali pafupi nayo kapena wokuwa maningi ndiye apambana. Mukalemba chabe vomveka bwino, mwalemba chidule cha bantu bachongo. Bamayo bamene banafunsa za NAPSA ku kona, mwapansipansi, basowa monga sibanabwele.

Chinyanja chathu chili na msampha wina. "Tizalipila" na "sitizalipila" visiyana na ka "si" kamodzi, ndipo kali kutsogolo. Kutsogolo kwa mau ndiye kwamene munthu aloba pamwamba pa mnzake amene akali kukamba. Ka "si" kakabisika, kukana kumveka monga kuvomela. Na "ehe" chimodzimodzi: kambili atanthauza kuti "nikumvela, pitiliza", osati "navomela". Ndipo "tizaona" si chigamulo.

Manje tichita so. Koyamba timvela rekodi yonse osalemba kanthu, kuti tizibe nkhani zinali zingati. Kachibili timvela na mahedifoni, tilemba mineti pamene nkhani iliyonse yayambila. Pamene bantu bakambila pamodzi tibweza kangapo, ulendo uliwonse titsatila liu limodzi chabe. Ngati pa ulendo wachitatu sichimveka, tilemba kuti sichimveka. Ndiye tigaba vonse patatu: vamene tinagwilizana, vamene vinakambidwa koma sivinathe, na vamene sivimveka. Chintu chingena mu gulu loyamba pokhapo ngati wamene ali na mphamvu yolonjeza anachitsiliza yekha, kapena wina anachibweleza iye navomela momveka.

Chidule chija chikanayenela kukhala so: "Ovataimu ya Sondo, 23:10. Bamanija banakamba kuti bazalipila kawili 'ngati', apo banadulidwa. Sibanabwelele ku nkhani iyi. Siinathe, tifunse mailo." Mizele ibili, ndipo palibe akanagwila Sondo mu mdima.

Bena bazakamba kuti bantu bafuna chintu chachifupi, bandulo yao ni yochepa, sibafuna "sichimveka". Zoona, chifupi tichifuna. Koma "siinathe" ni liu limodzi, silidya bandulo. Bena ati wolemba analipo, aziba vamene bamanija banafuna kukamba. Ngati aziba, ayende akabafunse, alembe kuti yankho inabwela pambuyo pa miting'i. Vamene uganiza na vamene vili mu rekodi ni vintu vibili, ndipo tsiku lamene muzafika ku Leba, bazamvela rekodi, osati maganizo yanu. Pepala likapezeka na bodza limodzi, na vazoona vamene vilimo sibazavikhulupilila.

Na imwe batcheyamani muli na mlandu. Uzani bantu kuti foni ijambula, muiike pakati, osati pafupi na imwe. Munthu akadulidwa pa "ngati", imikani chongo: "Tsilizani, bamanija." Pamapeto belengani vogwilizana chimodzichimodzi foni ikali kujambula.

Bamanija bathu mpaka lelo bakamba kuti sibanalonjeze. Chotibaba ni chakuti pa ichi chabe, rekodi ili ku mbali yao.